Kalata ya abusa: za kagawanidwe ka ndalama za ukwati pakati pa akuchimuna ndi akuchikazi

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse m'dzina la Yesu Khristu.

Nyengo ya maukwati yafika, mukumva nokha maina akulengezedwa sabata ndi sabata. Koma ndikulemba ndi mtima wolemera ndithu chifukwa mabanja ambiri akumabwera kuzadalitsa ukwati akuchimuna ndi akuchikazi atasiya kale kuyankhulana, ndipo mukafufuza nkhani yake mupeza kuti anawo alibe vuto, vuto linayambira mu komiti pa mawu oti "tigawane theka theka". Mawuwa amamveka achilungamo koma nthawi zambiri mbali imodzi imapsinjika nawo, ndiye ndati ndilongosole bwinobwino mmene ndimawalangizira ankhoswe akabwera kwa ine.

Tiyerekeze chonchi. Mtsikana ndi wakonkuno ku Lilongwe, Mchewa, abale ake ali pafupi ndipo akuitana anthu 200. Mnyamata kwawo ndi ku Mzimba, omwe angakwanitse kubwera ndi 100 basi. Ophika anena kuti mbale imodzi pamodzi ndi chakumwa ndi K10,000, ndiye chakudya chonse ndi K3,000,000. Mukati theka theka mbali iliyonse ipereka K1,500,000, kutanthauza kuti akuchimuna alipira K15,000 pa mlendo wawo aliyense pomwe akuchikazi alipira K7,500 yokha. Akuchimuna sanena kanthu pa msonkhano chifukwa cha manyazi, safuna kuoneka osauka pamaso pa apongozi, koma akabwerera kwawo nkhani imeneyi amaisunga ndipo amene adzaimve zaka zikubwerazi ndi mtsikana uja.

Langizo langa ndi loti musagawe bajeti yonse ngati chinthu chimodzi. Chilichonse chimene chimakwera mtengo munthu akaonjezereka, monga chakudya, zakumwa, mipando ndi makhadi, mbali iliyonse ilipire molingana ndi anthu ake. Apa ndiye kuti akuchikazi K2,000,000, akuchimuna K1,000,000. Ubwino wake ndi woti azakhali akabwera mochedwa ndi maina ena 30 a anzawo a ku bank nkhonde palibe wokwiya, mungowauza mwaulemu kuti mayi zimenezo ndi K300,000 ya mbali yanu, aganize okha ngati akufunabe. Anzawo a akwati, a kuntchito ndi a kwaya, musawaponyere mbali iliyonse, amenewo akhale pa mndandanda wawokha ndipo alipire ndi akwatiwo.

Zina sizisintha kaya kubwere anthu 100 kaya 300, holo, zokongoletsa, zoimbira, wojambula, keke. Izi ndi za ana athu onse awiri ndiye mukhoza kugawana pakati, koma pokhapokha ngati mbali zonse zili ndi mphamvu zofanana ndipo zinasankhira limodzi. Ngati mbali imodzi ingakwanitse holo ya K400,000 koma inayo ikuumirira ya K1,000,000, gawanani pakati K400,000 ija, K600,000 yapamwambayo alipire amene akufuna holo yodulayo ndipo asadzaitchulenso kuti tinakuchitirani. Paulo pa 2 Akorinto 8:12-13 anawauza Akhristu kuti chopereka chimalandiridwa molingana ndi zimene munthu ali nazo osati zimene alibe, ndipo sanafune kuti ena apepukidwe pamene ena akulemedwa. Ngati zili choncho pa chopereka cha mpingo, nanga bwanji pakati pa mabanja awiri amene akulumikizana moyo wonse.

Ndiyenso pali thiransipoti, imene makomiti ambiri salemba n'komwe. Ukwati ukachitikira kwa mtsikana, abale ake amabwera wapansi kapena pa kabaza, pomwe akuchimuna aja achita hayala basi kuchokera ku Mzimba, kupita ndi kubwerera, komanso agone penapake ndipo adye. Malo a ukwati munasankhira limodzi, choncho kwa ine ndalama ya basiyo ilowe mu bajeti ngati gawo limene akuchimuna apereka kale.

Chimodzimodzi amene akupereka katundu. Agogo akumudzi akatumiza mbuzi ziwiri, thumba la mpunga, nkhuku, nkhuni ndi chimera cha thobwa, mlembi azilembe pa mtengo wa pamsika tsiku lomwe zafika. Zimandipweteka kuona pa gulupu ya WhatsApp akulemba maina a otumiza pa Airtel Money ndi Mpamba okhaokha, wa mbuzi osatchulidwa, kenako kumveka kuti "mbali inayo sinachite kanthu". Amayi amene aphike usiku wonse nawonso apulumutsa ndalama ya ophika, ziwerengedwe.

Tsopano za miyambo, pamene pamavuta kwambiri. Kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe ukwati umamangidwa pa chinkhoswe, ankhoswe kupatsana tambala ndi msoti, ndipo kawirikawiri mwambowu umachitikira kuchikazi. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde komanso Asena kuli malowolo. Ndiye mu chitsanzo chathu chija akuchikazi anena kuti ife tawononga zambiri pa chinkhoswe ndiye phwando ndi lanu, akuchimuna nawo ngati apereka kanthu mwa mwambo wa kwawo anena kuti ife tamaliza mbali yathu. Aliyense akunena zoona monga mwa kwawo, n'chifukwa chake mkangano wake sutha. Ankhoswe a mbali zonse akhale pansi okha komiti isanakhazikitsidwe n'komwe, agwirizane kuti titsata miyambo iti, ndipo zolowa pa mwambo uliwonse zilembedwe padera. Malowolo si ndalama yogulira mpunga wa paphwando, komanso chinkhoswe si ngongole yoti akuchimuna abweze. Koma polankhula za holo ndi keke muzikumbukira kuti mbali ina yatulutsa kale zambiri ndipo muipeputsire. Mwambo umene mbali imodzi yokha ikuufuna, kapena zinthu ngati phwando la amayi lotsazikana ndi mkwatibwi ndi yunifolomu ya chitenje, alipire omwe akuzifuna, musakakamize apongozi kugula nsalu imene sanaisankhe.

Chonde chonde, perekaniperekani musamuike mu bajeti. Palibe amene amadziwiratu kuti m'lichero mugwa zingati, koma ena amakatenga katapila ponena kuti tidzabweza ndi za pa holo, mapeto ake akwati kuyamba banja ndi ngongole imene sanatenge iwo. Gwirizanani ukwati usanachitike kuti ndalama imeneyo ndi ya akwati, owerenga akhale awiri awiri ochokera mbali zonse, ndipo ngati pali ngongole imene ikuyenera kuchotsedwapo akwati aidziwe ndi kuvomereza kale. Malonjezonso si ndalama, musalipire dipoziti ya holo podalira amalume a ku Joni amene anati atumiza. Ikani tsiku, tinene masabata anayi ukwati usanafike, ndipo zimene zili m'manja mwa msungichuma tsiku limenelo ndiye kukula kwa phwando lanu.

Mukaona mbali ina yangoti zii pa gulupu, kapena ku msonkhano ayamba kutumiza mwana m'malo mwa nkhoswe, kapena chilichonse akungoyankha kuti "tamva, tiona", dziwani kuti alemedwa ndipo akusowa ponenera. Musawakumbutse pagulu, nkhoswe aimbire nkhoswe mnzake paokha afunse kuti abale mungakwanitse zingati, bajeti itsike kufika pamenepo.

Onse amene mukukonzekera ukwati chaka chino, pobwera kudzalembetsa mubwere ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri komanso pepala la zomwe mwagwirizana, ine ndi akulu a mpingo tidzaliona nanu limodzi tisanayambe kulengeza. Ngati mwayambana kale musadikire tsikulo, ndipezeni mapemphero akatha.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mbusa wanu