Dandaulo kwa eni sitolo ya mafoni: konzani malamulo a mpikisano wanu

Akuluakulu, ife otsatira tsamba lanu sitinakhutire ndi mmene mwayendetsera mpikisano wa foni uja. Positi yanu inangoti: "Laikani, sheyani, tagani anzanu ambiri, muwine foni. Mpikisano utha posachedwa." Mawu amenewa sanena foni yanji, sanena tsiku lotsekera, sanenanso kuti wopambana apezeka bwanji.

Tiyambe ndi tsiku. Anthu atafunsa m'makomenti munayankha kuti Lachisanu. Lachisanu litadutsa munasintha positi n'kulemba kumapeto kwa mwezi, osalengeza. Pa Facebook kusintha kotere sikubisika: aliyense akadina timadontho titatu pamwamba pa positi n'kusankha "View edit history" amaona mawu akale ndi atsopano. Amene anathera bandulo yake kuti alowe nthawi isanakwane mwamuchepetsera mwayi, chifukwa mwawonjezera anthu ena mazanamazana m'chipewa chomwecho. Ngati panali chifukwa chomveka chosunthira tsiku, mukanalemba positi ina yofotokoza, tsiku loyamba lija lisanakwane.

Za kusheya ndi kutaga nazo zili ndi vuto. Malamulo a Facebook a masamba amaletsa kuuza anthu kuti asheye positi pa khoma lawo kapena atage anzawo ngati njira yolowera mpikisano. Komanso simungathe kuwerenga onse amene asheya. Munthu amene anatchera akaunti yake kuti zolemba zake zizionedwa ndi anzake okha, inu simumuona pa mndandanda wa osheya. Wachita zonse munanena, koma kwa inu kulibe. Ndiye mayina amene munalowetsa m'maere munawatenga kuti?

Chopweteka kwambiri ndi maerewo. Munangotulutsa chithunzi cha wopambana atanyamula bokosi, popanda vidiyo, popanda mndandanda. Sitikunena kuti ndi m'bale wanu, koma inunso mulibe choti mutionetse kuti si m'bale wanu.

Maere achilungamo savuta. Nthawi ikakwana, tsekani makomenti pa positiyo. Sankhani "All comments", chifukwa "Most relevant" imabisa makomenti ena ndipo eni ake amatsala kunja osadziwa. Koperani mayina onse mu Excel, chotsani obwereza, aliyense mumupatse nambala yake. Tiyerekeze kuti makomenti alipo 900, koma ena alemba kakhumikakhumi, moti anthu enieni ndi 350. Mukatola mwa makomenti, wolemba kakhumi ali ndi mwayi kuwirikiza kakhumi kuposa wolemba kamodzi. Mukatola mwa anthu, aliyense ali ndi mwayi umodzi pa 350. Mndandandawo muutulutse kutatsala tsiku limodzi kuti amene wasiyidwa adandaule zinthu zisanachitike. Kenako yatsani vidiyo ya pompopompo, lembani 1 ndi 350 pa random.org, tsamba la pa intaneti lotola nambala mwamaere, kapena ikani timapepala tofanana kukula m'ndowa, kasitomala amene wangolowa m'sitolo atole. Tolani mayina atatu motsatizana: wopambana ndi awiri odikirira, kuti woyamba akapanda kupezeka musasankhe wolowa m'malo mwake kuseri.

Positi yolongosoka ikanamveka chonchi: "Mphoto ndi foni imodzi yatsopano, mtundu wake ndi uwu uli pachithunzi. Kuti mulowe, lembani komenti imodzi pansipa yotchula boma limene mukukhala. Munthu mmodzi, mwayi umodzi. Olowa akhale a zaka 18 kupita m'tsogolo, okhala m'Malawi. Antchito athu ndi abale awo saloledwa. Titseka Lachisanu pa 14 Novembala, 6 koloko madzulo. Maere tichita Lolemba pa 17 Novembala, 10 koloko m'mawa, pa vidiyo patsamba lino. Wopambana ayankhe pasanathe maola 48 ndipo abwere ndi chiphaso cha unzika. Wakutali timutumizira, ndalama yotumizira ndi yathu. Palibe cholipira chilichonse. Mpikisanowu ndi wa sitolo yathu, Facebook sikukhudzidwa nawo."

Mawu oti palibe cholipira musawaone kuchepa. Pansi pa positi yanu pali tsamba labodza logwiritsa ntchito chizindikiro chanu, likuyankha anthu kuti awina ndipo atumize kandalama ka mayendedwe pa Airtel Money kapena Mpamba. Makomenti amenewo akadalipo mpaka lero, simunawachotse, simunachenjezenso aliyense.

Tikupempha kuti mutulutse mndandanda umene munagwiritsa ntchito ndi umboni wa mmene dzinalo linatoledwera. Ngati mulibe, bwerezani maere poyera, pakati pa anthu okhawo amene analowa Lachisanu loyamba lija lisanathe. Chotsaninso makomenti a tsamba labodzalo lero. Yankho lanu lilembedwe pompano pamene aliyense awerenge, osati m'mauthenga amseri. Pakadutsa masiku asanu ndi awiri muli chete, tikapereka zithunzi za positi yoyamba ndi yosinthidwayo ku bungwe la CFTC, limene limalandira madandaulo a ogula pa nkhani ya malonda osocheretsa anthu.