Kalata ya Abusa: Za Mphatso Zimene Timapita Nazo Kunyumba Kumene Kwabadwa Mwana

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse. Ndakulemberani chifukwa cha zimene ine ndi mayi a kunyumba tinaona sabata yatha titapita kukazonda mlongo wathu wina amene anachira mwa opaleshoni masiku 9 apitawo. Dzina lake sinditchula, ndipo musayambe kufunsana. Pabedi panali mulu wa zovala za khanda, zipewa ndi masokosi, zina zikadali m'mapepala, zochuluka moti mwanayo adzakula asanazivale zonse. Koma mayiyo tinampeza akuwerama movutikira, dzanja limodzi litagwira pabala, akutsuka makapu amene alendo a mumpingo uno anamwera m'mawa womwewo. Mayi a kunyumba atamutengera pambali, anawauza mwamanyazi kuti mapadi anamuthera dzana ndipo sanagone maola atatu otsatizana chibadwire mwanayo.

"Mbale kapena mlongo akakhala wausiwa, nichikamsowa chakudya cha tsiku lake, ndipo wina wa inu akanena nawo, Mukani ndi mtendere, mukafunde ndi kukhuta, osawapatsa iwo zosowa za pathupi, kupindula kwake nchiyani?" (Yakobo 2:15-16).

Cholakwa chathu ndichitchule mosabisa. Timapita kukaona mwana, mayi ake osawaona. Timalowa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi nthawi imodzi, timalandirana khandalo m'manja, timatsutsana kuti wafanana ndi ndani, timakhala maola awiri, ndipo munthu amene thupi lake likadali ndi chilonda ndiye amadzuka kutikonzera pokhala ndi chakumwa. Pochoka timapemphera pemphero lalitali, n'kusiya kachipewa, n'kumapita mitima ili mbee kuti tachita ntchito ya Mulungu. Abale anga, kuzonda kotero kumamulemetsa amene tapita kukamuzonda. Mlendo amene wasiya mbale zakuda m'nyumba ya mayi wochira kumene wamuchotsera mayiyo nthawi yochepa imene akanagona, ndipo mphatso imene wabwera nayo siingamubwezere tuloto.

Amayi achikulire akuzidziwa izi, koma abambo ndi achinyamata mumve. Mayi akachira amataya magazi kwa masabata angapo, nthawi zina mpaka 6. Masiku oyamba magaziwo amakhala ofiira ndi ochuluka, kenako amasanduka ofiirira, pomaliza oyererako, ndipo nthawi yonseyi amafuna mapadi aakulu ndi okhuthala kuposa a mwezi ndi mwezi. Palibe amene amaganiza zopereka zimenezi chifukwa sizikongola pomasula mphatso pamaso pa anthu, komabe ndi zimene zimayamba kutha m'nyumba. Ngati mnzanu ali woyembekezera, musadikire kuti achire. Pamene mimba yafika miyezi 8, mupatseni mapaketi angapo a mapadi amenewa, zovala zamkati zathonje zotakasuka, sopo wosambira ndi wochapira, ndiponso chovala chotsegula kutsogolo choti aziyamwitsa mosavutika. Zovala zamkatizo zikhale zofika pamwamba pa mchombo, chifukwa akadzachira mwa opaleshoni, lamba wodutsa m'munsi mwa mimba amakhula pabala penipeni. Abambo amene mukuona kuti n'zochititsa manyazi, perekani kudzera mwa akazi anu kapena kwa atsogoleri a amayi, koma perekani ndithu.

Chachiwiri, chimene ndikufuna kukhalapo nthawi, ndi tulo. Khanda limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usana ndi usiku, kutanthauza kuti mayi amadzuka pakatha maola awiri kapena atatu alionse, kwa masabata ambiri. Mneneri Eliya atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sanamulalikire. Anamusiya agone, namudzutsa ndi mawu akuti, "Uka nudye." Nanunso mutha kupereka mphatso yotereyi, ndipo kachitidwe kake n'kosavuta. Gwirizanani ndi mayiyo za tsiku ndi ola, ndipo mufike munthu mmodzi kapena awiri basi. Sambani m'manja, dikirani kuti mwana ayamwe akhute, kenako mumutenge mupite naye chipinda china, mayiyo atseke chitseko agone. Mwana akagona, mugonekeni chagada pamalo osafewa kwambiri, ndipo inu mugwire ntchito: chapani zimene zaunjikana, tsukani ziwiya, sesani, dzazani madzi. Wochira mwa opaleshoni amalangizidwa kuti asanyamule chinthu cholemera kuposa mwana wake kwa masabata pafupifupi 6, choncho ndowa ya madzi ndi beseni la zochapa zikhale ntchito yanu. Mwana akayamba kutembenuza mutu kufuna bere ndi kuyamwa zala, mubwezereni kwa mayi ake, ndipo musamupatse madzi kapena china chilichonse pofuna kuti mayiyo agonebe. Amene ali ndi chimfine kapena chifuwa asapite, atumize mnzake.

Mukabwera ndi chakudya, chikhale chophikaphika, chokwanira banja lonse, m'chiwiya chimene simudzachifunsa msanga. Ikani botolo la madzi akumwa pafupi ndi pamene mayi amakhala poyamwitsa, pakuti ludzu limamugwira mwana akangoyamba kuyamwa, pamene sangathe kudzuka. Ndipo musafunse kuti, "Kodi pali chimene tingathandize?" Funso limeneli yankho lake limakhala lakuti zonse zili bwino, ngakhale m'nyumba mulibe sopo. Nenani kuti, "Lachiwiri m'mawa ndibwera kudzachapa, kapena mukonda Lachinayi?"

Bambo wa mwana nayenso timamuiwala. M'nyumba imene ndanena ija, mwamunayo anali akuphika, kuperekeza ana aakulu kusukulu, kupita kuntchito, n'kudzadzukanso usiku, ndipo maso ake anali ofiira. Abambo a mumpingo, mumutengere ana aakuluwo kwa tsiku limodzi, kapena mumulipirire ulendo wopita ndi mkazi wake kuchipatala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limalangiza kuti mayi ndi khanda aonedwe ndi achipatala m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa sabata la 6. Maulendo amenewa amaphonyeka mosavuta pamene palibe woperekeza kapena wotsala ndi ana.

Amene amakhala m'nyumba kwa maola angapo amaonanso zimene mlendo wongodutsa sangaone. Ngati mayi akudzaza padi m'ola limodzi kapena akutuluka magazi oundana aakulu, ngati watentha thupi, ngati zotulukazo kapena bala zikununkha, ngati mutu ukumupweteka kwambiri ndipo akuona zinthu mwachimbuuzi, ngati mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, kapena akubanika popuma, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo kupemphera mupempherere m'njira. Kulira popanda chifukwa m'masiku oyamba kumachitikira amayi ambiri ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Koma kukapitirira apo, mayi osasangalala ndi kanthu, osagona ngakhale mwana atagona, kapena akulankhula zodzivulaza kapena kuvulaza mwana, amenewo ndi matenda ofuna achipatala. Ndisadzamve wina akumuuza kuti chikhulupiriro chake chachepa.

Za Mariya atapita kukazonda Elizabeti, amene anali woyembekezera, Malemba akuti, "Ndipo Mariya anakhala naye monga miyezi itatu" (Luka 1:56). "Nyamuliranani zothodwetsa, ndipo kotero mufitse chilamulo cha Khristu" (Agalatiya 6:2).

Tsono kuyambira Lamulungu likudzali, pakhomo la tchalitchi pakhala dengu lolandirira mapadi, sopo ndi zovala zamkati zatsopano za amayi. Zovala za makanda musaikemo, tili nazo zokwanira. Atsogoleri a amayi adzakhala ndi kaundula woti aliyense alembe tsiku limodzi ndi maola amene angakagwire ntchito m'nyumba ya mayi wochira, ndipo tikufuna kuti banja lililonse likhale ndi womuthandiza kawiri pa sabata kufikira masabata 6 atakwana. Chopereka chapadera cha maulendo a kuchipatala chidzasonkhedwa tsiku lomwelo mapemphero atatha, ndipo msungichuma adzalengeza zimene zapezeka Lamulungu lotsatira. Akulu a mpingo ndi madikoni mutsale pang'ono kuti tigawane mabanja amene akuyembekezera.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.