Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: zolemba m'fayilo wodwala akakana chubu chodyetsera

Wapampando, a sisitala ndi anzanga nonse a gulu losamalira odwala matenda osachiritsika, ndabwerako kumene munandituma, ndipo malisiti ali kwa msungichuma. Za malipoti a pakota ndi maoda a mofini sindichedwapo, n'zomwe tikuchita kale.

Gawo limene linandigwira mtima ndi la chitsanzo cha bambo wa zaka 60 wa khansa ya kummero yofalikira. Nsima inaleka kudutsa, phala likubwerera. Iwo akukana chubu cha m'mphuno, ana awo akuti tikuwapha ndi njala. Funso linali lakuti m'fayilo tilembamo chiyani. Ambirife tinangolemba kuti "akana chubu", n'kusayina. Zimenezo sizikwanira.

Choyamba, timalemba tsiku, nthawi, chilankhulo chimene tinacheza, ndi amene analipo. Kenako umboni wakuti mutu wawo ukugwira: kodi abwereza okha zimene tawafotokozera, n'kunenanso chimene chichitike akapanda kudyetsedwa? Wobwebweta chifukwa cha malungo kapena mankhwala sanakane kanthu, timadikira ayambe atsitsimuka. Tisonyezenso kuti tinafufuza zochizika zimene zimadanitsa munthu ndi chakudya, monga zoyera za m'kamwa, nseru, ululu, kudzimbidwa ndi kukhumudwa. Tilembe zimene tinawauza mosabisa: kuti chubu chikhoza osadutsa pachotupa, kuti chakudya chikhoza kulowerabe m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, ndiponso kuti popanda chubu apitiriza kuwonda. Mawu awo alembedwe mmene anatulukira pakamwa pawo, monga akuti "ndikufuna ndikagone kwathu wopanda paipi". Ngati salemba, adinde chala pali mboni.

Chotsiriza ndi chifukwa chathu: tikulemekeza chisankho cha munthu wamkulu amene wamvetsa, ndipo sitikuwataya. Tiziwanyowetsa milomo, kutsuka m'kamwa, kuwapatsa timadzi kapena kaphala kamadzimadzi akafuna, mofini pa nthawi yake, ndi kuwafunsanso chifukwa ali ndi ufulu wosintha maganizo.

Ena pamsonkhanopo anati gadiyani azisayinanso. Ine sindinagwirizane nazo kwenikweni. Dzina lake lilembedwe ngati mboni, koma siginecha yake isalowe m'malo mwa mawu a wodwala amene akadali ndi nzeru zake.

Apa pandikumbutsa mayi aja a mwezi watha. Anakana chubu masana tonse tikumva, koma mwana wawo ataimba foni kuchokera ku Joni, anzathu ogwira ntchito usiku anawalowetsa chubucho n'kuwamanga manja kuti asachizule. Sindikuwanena a usiku, m'fayilo munalibe chowaletsa. Chimene chikundiwawabe n'chakuti nkhaniyo sitinaikambirane mpaka lero, ndipo pempho lathu la tsamba lapadera lolembapo zimenezi linangofera ku ofesi.

Ndikupempha kuti Lachisanu tigwirizane za tsambalo, ngakhale likhale lolemba pamanja, ndipo mfundo zake zizikopedwa m'kabuku ka kuchipatala ka wodwala kuti a kuchipatala chaching'ono kwawo akazione. A usiku nawo aitanidwe.