Lipoti la msonkhano wa kalembedwe ka malonje ku Chipata

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Katete, Loweruka lapitali ndinakafika ku Chipata monga munanditumira, ndipo funso lanu ndinakalitula: pa tsamba loyamba la kabuku kathu ka ana a giredi 1 tilembe "mulibwanji" kapena "muli bwanji"? Tinagwirizana kuti ndi mawu awiri.

Sizinayende mophweka. Bambo wina wa ku Chadiza anakakamira kuti popereka moni sitipumira pakati, choncho ndi liwu limodzi. Amene anathetsa mkanganowo ndi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito. Anapempha choko, nalemba pabolodi "Mwauka bwanji?", kenaka anafunsa bambowo mmene amalonjerera munthu amene wachezera ndi matenda. Iwo anayankha kuti "Mwauka nawo bwanji odwalawo?" Mayiwo analemba "nawo" pakati pa "mwauka" ndi "bwanji", n'kukhala pansi osanenanso kanthu. Pamene liwu lina lingalowe, pamenepo pali malire a mawu. Komanso "bwanji" amaima yekha tikamati "Bwanji, achimwene?", ndipo pamalo pake mutha kuikapo liwu lina: muli kuti, muli bwino.

Yesaninso zomwezo pa "mu" ndi "li". Palibe amati "mu nawo li", ndipo "mu" payekha sakhala moni. Iyeyu amangosonyeza amene tikumunena, monga "ndi" mu "ndili" ndi "a" mu "ali". Tsono "mu li bwanji", imene ndaiona m'makope a ana ena, nayonso ndi yolakwa.

Chimene chimasokoneza ana, mmene ndinaonera ine, si mafoni okha ayi. Iwo amaona "mulipo?", "ndilipo" ndi "mulibe" zolembedwa pamodzi, n'kumayesa kuti chilichonse chotsatira "muli" chimamatidwa. Koma -po ndi -be sizingaime pazokha, n'chifukwa chake zimatsamira pa mneni. Mwana akalemba "ndilibwino", musangodula ndi cholembera chofiira. Mufunseni ngati "bwino" angamunene payekha, ndipo adzakumbukira yekha "pitani bwino" ndi "tsalani bwino".

Madzulo tinatayako nthawi pa "mwachoma bwanji". Kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977 kamalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndiye m'kabuku ka sukulu tidzalemba "mwacoma bwanji". Ine dzanja langa linazolowera ch, monga mukuonera m'lipoti muno, koma sindinatsutse. Pa za mpata wa pakati pa mawu awiriwa, ife ndi a kutsidya kwa Mwami sitisiyana.

Chatsala kwa ife ndi kukonza tsamba loyamba ndi lachinayi, pomwe "kayainu" ayenera kukhala "kaya inu", tisanapereke kabukuko kwa osindikiza. Ndalama ya basi yotsala ndapereka kwa msungichuma.