Kalata kwa Makolo: Za Katundu ndi Mphatso Zimene Ana Akubwera Nazo ku Chigonero

Okondedwa makolo ndi onse osamalira ana,

Ndikupereka moni m'malo mwa aphunzitsi ndi onse ogwira ntchito pasukulu pano. Teremu yoyamba tatseka, ndipo lipoti la mwana wanu lili mu envulopu yomweyi.

Ambiri mwamva kale kuti m'hositelo ya anyamata munabuka moto mwezi wathawu. Popeza nkhani ikamayenda pakamwa imakula, ndikuuzeni ndekha mmene zinakhalira. Mnyamata wina wa Fomu 1 anali ndi koyilo, kachitsulo kaja kamene amakaviika m'madzi kuti atenthe ndi magetsi. Madzulo ake anaviika koyiloyo m'ndowa ya pulasitiki ndi kuilumikiza pa soketi. Asanasambe magetsi anazima, belu lowerenga linalira, iye n'kuthamangira m'kalasi osazula. Magetsi atabweranso m'hositelo munalibe munthu. Madzi anawira mpaka kuphwera, chitsulo chinafiira, ndowa n'kusungunuka, ndipo moto unagwira matilesi amene anali pafupi. Matilesi a thonje la fakitale sachedwa kuyaka ndipo utsi wake ndi woipa kwambiri. Mlonda ndiye anamva fungo. Palibe amene anavulala, tikuthokoza Mulungu, koma matilesi, mabulangete ndi makope a ana angapo anapsa, ndiponso mawaya a chipinda chimenecho afunika kuikidwa atsopano.

Titamufunsa mwanayo, anati koyiloyo inali mphatso ya azakhali ake, imene anamupatsa atamva kuti wasankhidwa kubwera kuno. Azakhaliwo sindikuwaweruza. Anamva kuti kuno kumazizira m'mawa ndipo anafuna kuti mwana wa mlongo wawo asamasambe madzi ozizira. Koma koyilo imodzi imakoka mawatsi 1,000 kapena kuposa, magetsi ochuluka kuposa mababu onse a m'chipinda chogona ataphatikizidwa. Ilibenso chozimitsira chokha ikatentha kwambiri. Ndipo ana pulagi ikawonongeka sagula ina, amangosenda waya ndi mano n'kulowetsa m'mabowo a soketi, kupanikiza ndi kamtengo ka machesi. Mawaya otere tinawapeza titachita chipikisheni m'mawa mwake.

Chipikishenicho ndicho chandilembetsa kalata yaitali chonchi. Tebulo la mu ofesi mwanga linadzaza: makoyilo, simbi zamagetsi, makandulo, mipeni, timawailesi ndi mafoni, ena obisidwa m'kati mwa matilesi ong'ambidwa dala, ina m'chitini cha mkaka wa ufa. Chondiwawa n'chakuti zambiri mwa zinthuzi ana sanagule okha. Zinachokera kunyumba. Kalata yoitanira mwana kusukulu ino inatchula zoletsedwa zonse, ndipo munasaina. Tsono mukamubisira mwana foni pansi pa zovala n'kumuuza kuti a bodingi masitala asaione, mwamuphunzitsa chiyani za malamulo ena onse a sukulu? Ndikudziwa kuti mtima wa kholo sukhazikika mwana akakhala kutali, makamaka wa zaka 13 kapena 14 amene sanagonepo kunja kwa mudzi. N'chifukwa chake a matroni ndi a bodingi masitala ali ndi foni imene ana amaimbira kunyumba Loweruka masana. Kukagwa zadzidzidzi, imbani ku ofesi nthawi ina iliyonse ndipo mwana tidzamuitana. Mafoni amene talanda sitipereka kwa ana. Kholo libwere lokha lidzasaine.

Za ndalama nazonso. Mtsikana wina anapatsidwa ndalama za teremu yonse m'manja, zophatikiza zimene anasonkha amalume, agogo ndi a kumpingo pomutsanzika. Anazikulunga m'sokosi n'kuziika m'sutikesi yokhala ndi kaloko kakang'ono kaja ka pa zipi. Sutikesi ya zipi sifunika kuthyola loko: munthu amangobaya zipiyo ndi bolopeni, n'kutsegula, kenako kuyendetsa kachitsulo kake n'kutsekanso ngati sipanachitike kanthu. Sabata yachiwiri ndalama zinali zitasowa, ndipo mwanayo sankadziwa n'komwe tsiku limene zinatengedwa. Tinafufuza koma sitinapeze. Anakhala teremu yonse akupempha sopo kwa anzake, kuopa kuuza kwawo. Chonde makolo, ndalama zodyera muzipereka kwa a basala kapena a matroni. Amalemba m'buku, mwana amatapa pang'onopang'ono ndi kusaina. Mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, tumizani ku nambala ya sukulu yokha, ndipo mutumizenso uthenga wotchula dzina la mwana ndi kalasi yake. Osatumiza kudzera kwa mlonda, wophika kapena mwana wamkulu wa kwanu amene ali Fomu 4, ngakhale mumamukhulupirira. Zikasokonekera kumeneko, ife tilibe poyambira.

Tsono popeza Khirisimasi ili pafupi ndipo achibale afunsa kuti mwana timugulire chiyani, komanso pali ena amene ana awo adzayamba mu Januwale, ndinene zimene zimathandizadi. Choyamba ndi thiranki yachitsulo ndi loko wolimba wa makiyi awiri kapena atatu. Kiyi mmodzi mwana amange pa chingwe m'khosi, wina asiye kwa a matroni. Amisiri a m'misika amakhoma mathiranki abwino, ndipo imodzi imatha zaka zonse zinayi. Makoswe saboola. Amalume amene akufuna kupereka mphatso yooneka ayambire pamenepo.

Chachiwiri n'chosagula n'komwe: kulemba dzina pa chilichonse. Ana onse ali ndi malaya oyera ofanana, masokosi ofanana, ndowa zogulidwa m'sitolo imodzi. Pa chingwe choyanikira palibe angadziwe chake. Milandu yambiri ya kuba imene a matroni amaweruza imakhala ya malaya opanda dzina, ndipo sitingaweruze. Inki ya bolopeni imachoka pochapa kawiri. Sokani dzina ndi ulusi wa mtundu wina m'kati mwa kolala ndi m'chiuno mwa siketi kapena buluku, ndipo pa ndowa, mbale, kapu ndi thiranki lembani ndi penti. Supuni ikandeni ndi msomali. Ndi ntchito ya madzulo amodzi, ndipo mwana azisoka nawo, chifukwa singano ndi ulusi adzazifunanso kuno batani likathothoka.

Teremu ikubwerayi ndi ya mvula, choncho yunifomu ikhale iwiri. Malaya ochapidwa Loweruka nthawi zina amafika Lolemba asanaume, ndipo mwana wa malaya amodzi amavala onyowa kapena kujomba. Neti yoteteza udzudzu ikhale yopanda zibowo, yokhala ndi zingwe zake. Iyang'aneni padzuwa musanaipinde. Muikemo ambulera, nsapato zakuda zolimba ndi polishi, patapata wosambira, thaulo, nsalu zofunda ziwiri ndi bulangete. Juzi yokhuthala idikire teremu yachitatu, kuzizira kwa Juni ndi Julaye. M'malo mwa kandulo mugulireni tochi ya mabatire kapena kanyali kochajidwa ndi dzuwa, kamene angakaike pawindo masana. Iyi ndiyo mphatso imene ndikanakonda azakhali aja akanagula, ndipo mtengo wake sukusiyana kwenikweni ndi wa koyilo. Kwa amene akufuna kugula za m'kalasi, kalikuleta ya sayansi, bokosi la zida za masamu ndi dikishonale ya Chingerezi zidzamufikitsa mpaka mayeso a MSCE.

Amayi, atsikana muwawerengere mapadi a miyezi itatu yonse, ndi ena apadera, ndi chitenje chimodzi kapena ziwiri. Ena amayamba kusamba ali kuno, ndipo ndi bwino mukambirane nawo asananyamuke. Abambo amene mukulera nokha ana aakazi, musachite manyazi, lankhulani ndi a matroni. Sopo wochapira ndi wosambira, mafuta odzola ndi mankhwala otsukira mano muwerengerenso motero. Ana a Fomu 1 amagawa sopo sabata yoyamba pofuna anzawo, kenako amasowa.

Pa zakudya ndilankhule mosabisa. Nsima ya nyemba tsiku ndi tsiku imatopetsa, ndipo sitiletsa kamba. Koma nkhuku yokazinga, nsomba zophika, chigumu ndi mandasi ndi za tsiku la ulendo ndi mawa lake basi. Zikatsekeredwa m'thiranki m'nyengo yotentha ndi yachinyezi zimachita nguwi, mwana amadyabe chifukwa ndi za amayi, ndiye usiku tikuthamangira naye kuchipatala akutsegula m'mimba. Zokhalitsa ndi mtedza ndi chimanga chokazinga zouma bwino, chiponde, shuga, mkaka wa ufa ndi Sobo, zonse m'mabotolo kapena m'zitini zotseka, osati m'majumbo, chifukwa nyerere ndi mphemvu zimalowa. Thobwa ayi. Likakhala masiku limasasa, ndipo ana ena amalisunga dala kuti lifike pamene mukudziwa. Musachulutsenso. Mwana wa Fomu 1 wobwera ndi katoni yodzaza ndi zakudya ndiye amene akuluakulu amayamba kumuzungulira. Tiza timalanga kolimba, ndipo mwana amene akulandidwa zinthu anene kwa ine, koma nanunso tithandizeni pomupatsa zokwana mwezi umodzi, zina mudzabweretse pa tsiku loona ana.

Mankhwala alionse apite kwa a matroni pamodzi ndi buku la kuchipatala. Ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu kapena amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, tiuzeni pa tsiku lotsegulira. Zimenezi zimakhala zachinsinsi pakati pa inu, a matroni ndi ine. Ndipo mwana akangofika kunyumba, tulutsani zonse m'thiranki, chapani zofunda ndi madzi otentha ndi kuyanika padzuwa, kuti nsikidzi zisapite kwanu kapena kubwerera kuno. Ife tipopera mankhwala m'mahositelo pa holideyi.

Zabwino zinaliponso. Aphunzitsi amaliza ntchito ya teremu m'makalasi onse. A Fomu 4 ayamba maphunziro apadera a Loweruka m'mawa. Timu ya atsikana ya mpira wamanja yasewera bwino, kwaya inaimba mokoma pa mapemphero otsekera, ndipo kalabu ya zaulimi yabzala chimanga ndi mitengo kuseri kwa khitchini. Tikuthokoza komiti ya makolo ndi aphunzitsi chifukwa chokonzetsa mjigo.

Amene muli ndi ngongole ya fizi ya chigonero, kumbukirani kuti ndalama imeneyo ndiyo imagula chimanga, nyemba ndi nkhuni. Malizani sukulu isanatsegulidwe, ndipo mwana abwere ndi risiti ya kubanki. Ngati zavuta, bwerani tidzakambirane, kusiyana ndi kungomutumiza mwana chimanjamanja. Za ndalama yokonzera chipinda chopsacho tidzakambirana pa msonkhano wa makolo, Loweruka lachitatu la teremu, 9 koloko m'mawa. Tsiku lotsegulira lalembedwa pa lipoti. Ana afike isanakwane 4 koloko madzulo, atavala yunifomu, ndipo thiranki iliyonse idzatsegulidwa pageti kholo kapena womuperekeza ali pomwepo. Choletsedwa chilichonse chidzabwerera ndi inu tsiku lomwelo. Ndikupempha kuti musadzakhumudwe ndi aphunzitsi amene adzakhale pagetipo, chifukwa ndawatuma ndine.

Ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chamtendere.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu