Lipoti la msonkhano wa ogulitsa zamasamba

Amayi anzanga a gulu lathu la ku Chawama, ndabwerako kumsonkhano womwe munandituma. Pa K150 yomwe munandipatsa ndinalipira basi ndi chakudya, ndipo yotsala ili kwa asungichuma. Mmawa wonse anakamba za ukhondo ndi ziphaso, zomwe timazidziwa kale. Chimene chinanditsegula maso ndi phunziro la masana, la kuika mtengo pamene katundu wina amaola.

Mphunzitsi anatenga bokosi la tomato looda ku msika wa Soweto pa K300. Kuonjezapo wilibala, basi ndi msonkho wapamsika, K60, zonse pamodzi K360. Bokosilo limatulutsa milu 50. Ambirife timagawa K360 ndi 50, n'kupeza K7.20 pa mulu, kenako timaonjezapo kota yake n'kugulitsa pa K9. Koma pofika tsiku lachitatu, tomato wapansi pa bokosi amakhala ataphwanyika, madzi akuchucha, ndipo wokwana milu 10 watayidwa. Yogulitsidwa ndi 40 yokha. Milu 40 pa K9 ndi K360 ndendende. Masiku atatu padzuwa, osapindula ngakhale ngwee imodzi! Ine ndinangoti kakasi, chifukwa ndi mmene ndakhala ndikuchitira.

Kawerengedwe koyenera kamayambira pa milu imene idzagulitsidwedi. Gawani K360 ndi 40, mupeza K9, ndipo umenewu ndi mtengo wongobweza mpamba. Ngati mukufuna kuti pa K100 iliyonse yolowa m'chikwama K25 ikhale phindu, ndiye kuti mpamba ndi K75 yotsalayo, choncho gawani K9 ndi 0.75. Yankho ndi K12. Milu 40 pa K12 ndi K480, kuchotsapo K360, kwatsala K120, yomwe ndi kota ya K480. Mbasela nayonso iwerengedwe ngati tomato wotayika, popeza sabweretsa ndalama.

Mayi wina wa ku Matero anafunsa kuti, nanga woyandikana nawe akamagulitsa pa K10, adzagula kwa iwe ndani? Funsolo n'loona. Pa K10 phindu ndi K40 yokha. Msonkhano unagwirizana kuti aliyense azilemba m'kope milu yotayika kwa milungu iwiri. Ine ndikuti kulembako n'kwabwino, koma sikuletsa tomato kuola. Tikatsitsa yotayika kufika pa 5, yogulitsa ikhala 45, mtengo wobweza mpamba ukhala K8, ndipo pa K10 tipeza K90.

Apa ndiye pali nkhani yathu ya tenti. Tinasonkha ndalama zogulira tenti chaka chatha, mpaka lero tomato wathu akupsa ndi dzuwa la Okutobala, ndipo akomiti sanatiuze kuti ndalamazo zili kuti. Komanso ena mwa ife amatsitsa mtengo madzulo osauza anzawo, kenako amalephera kuponya chilimba. Ndikupempha amayi apampando kuti ziwirizi tizikambirane Loweruka, ndipo aliyense abwere ndi kope lake.