Za dzina lija la Madalitso

Mwanawanga,

Kuno tadzuka bwino, bambo ako akupereka moni. Nkhani imene unandiuza pa foni Lamlungu yandikhalabe m'maganizo, n'chifukwa chake ndati ndilembe. Unati unalembera kasitomala wa kuntchito kwanu kalata yoyamba ndi "Bambo", chifukwa dzina loyamba linali Madalitso, ndiye tsiku la msonkhano analowa mayi atanyamula kalata yomweyo. Unachita manyazi, ndipo ndakumvetsa.

Inenso zinandichitikira ndili kalaliki pa sukulu ina. Ndinaima pakhomo ndi kaundula m'manja n'kuitana kuti "Mayi Chikondi, lowani". Pa benchi panadzuka bambo wa imvi, chipewa chili m'manja. Anthu anaseka, iwo sanaseke. Anangonena motsitsa mawu kuti dzinalo anawapatsa ndi agogo awo. Ndinapepesa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kulosera.

Maina athu ambiri sanena kuti mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi. Amanena zimene zinali mumtima mwa makolo ndi zimene zinkachitika pakhomo mwanayo akubadwa. Banja limene ladikira mwana zaka zambiri limati Mphatso, Chisomo kapena Pemphero. Limene lasangalala limati Chimwemwe, Takondwa, Thokozani. Chimwemwe cha makolo sichisankha kuti wabadwa ndani. Ngakhale Madalitso wakoyo: a Madalitso Kazombo, amene anasankhidwa kukhala wachiwiri woyamba kwa sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019, ndi bambo, pamene a Madalitso Kambauwa Wirima, amene anakhala nduna ya zamaphunziro mu 2023, ndi mayi. Alipo maina ngati Limbani ndi Kondwani amene amapatsidwa kwambiri kwa anyamata, komabe usawadalire.

Chimene ndikufuna ugwiritsitse n'chakuti Chichewa chinatipatsa kale njira yolemekezera munthu popanda kulosera. Ndi kachilembo kamodzi, "a", pamodzi ndi "inu". Ukalemba kuti "Okondedwa a Madalitso" kapena "Olemekezeka a Madalitso", ulemu wakwana ndipo palibe chimene waphonya. Pokamba za munthuyo umati "iwo abwera", "anena kuti", basi. Chizungu ndicho chimakukakamiza kusankha, ndipo ndikuona kuti vuto lako linachokera kumeneko, poti makalata a kuntchito kwanu mumayamba kuwaganiza m'Chizungu. Ngati imelo ndi ya Chizungu, lemba `Dear` kenako dzina loyamba ndi la bambo lonse, usiye `Mr` ndi `Mrs`. Ngati fomu ya pakompyuta ili ndi malo a zimenezi ndipo ikulola kudumpha, dumpha mpaka utamva kwa mwini wake.

Pali pamene uyenera kusamala. Ukangoti "a Phiri" kapena "a Banda" popanda dzina loyamba, makutu a anthu ambiri amamva bambo, chifukwa kumudzi mayi wa mfunda umenewo timamutchula Naphiri kapena Nabanda. Choncho ngati sukudziwa, tchula maina onse awiri.

Pa foni napo mawu amanyenga. Alipo amayi a mawu aakulu ndi abambo a mawu aang'ono, ndipo netiweki ikamadukaduka ndiye zimasokonekeratu. Yamba ndi "Muli bwanji?", dzitchule dzina lako ndi kumene ukuimbira, kenako funsa kuti "Kodi ndikulankhula ndi a Chisomo?" Ukaimba n'kunena kuti "ndikufuna Bambo Chisomo", mwina amene wayankhayo ndi mwini dzina, ndipo wamuuza kuti wamuyesa mkazi wa munthu amene ukumufuna kapena mlembi wake. Zimenezi zimapweteka, makamaka kwa mayi amene udindowo ndi wake.

Mlendo amene sukumudziwa ngakhale dzina savuta. "Zikomo", "Pepani", "Takulandirani, khalani apa", "Tikuthandizeni bwanji?" Onsewa ndi mawu athunthu aulemu. Usathamangire "achimwene" kapena "asisi" chifukwa cha thalauza, kametedwe kapena ndolo.

Sindikuti utaye "Mayi" ndi "Bambo". Akuluakulu ambiri amayembekezera kutchulidwa choncho, ndipo ukapitiriza kuwaitana ndi dzina loyamba utawadziwa kale, ena amaona ngati mwano. Ukakumana nawo, funsa poyera kuti "Ndizikutchulani bwanji?" Wina adzati Mayi, wina adokotala, wina abusa, wina adzati dzina lokha likukwana. Chimene wanenacho uchilembe pambali pa dzina lake m'kaundula, kuti mnzako wa mu ofesi asadzabwereze cholakwa chako.

Kwa mayi uja, lemba mawu ochepa opepesa, osachulutsa zifukwa, ndipo ukonze dzina lawo m'mafayilo sabata ino. Ukabwera mwezi wamawa udzandiuze mmene anayankhira.

Ndine,
Mayi ako